Ziganizo zisanu ndi zinayi ndi mboni imodzi

Tayesani kunena mokweza ziganizo ziwiri izi. Choyamba: "Ana anaphikiridwa nsima." Chachiwiri: "Nsima inaphikiridwa ana." Choyambacho chimadutsa m'khutu popanda chokhumudwitsa. Pa chachiwiri anthu amasiyana. Ena amakwinya nkhope n'kunena kuti palibe Mchewa angayankhule choncho, ena amati chikumveka ndithu, ndipo ambiri amaima pakati, amvekere: "Chikumveka, koma ineyo sindinganene choncho."

Pa kusiyana kochepa ngati kumeneku akatswiri a kapangidwe ka ziganizo akhala akulemberana nkhani kwa zaka zoposa 30. Mu 1988 Mark Baker anafalitsa nkhani yofotokoza mmene mphatikiri -ir- amagwirira ntchito m'Chichewa, uja timaphunzira kusukulu pa msintho womchitira. Mu 1990 Alex Alsina ndi Sam Mchombo anamuyankha m'magazini yomweyo, kumuonetsa ziganizo zimene kufotokoza kwake sikunazikwanitse. Chaka chomwecho Joan Bresnan ndi Lioba Moshi anayerekezera Chichewa ndi Chichaga cha ku Tanzania, ndipo mfundo imene inakhazikika ndi iyi: m'Chichaga apamtherankhani awiri a chiganizo chotere ali ndi mphamvu zofanana, aliyense angathe kukwezedwa n'kukhala mwininkhani, pamene m'Chichewa wochitiridwayo yekha ndiye amakwezedwa. M'mabuku a akatswiri, "Nsima inaphikiridwa ana" ndi mtundu wa chiganizo chimene amachiika kanyenyezi (*) kumayambiriro, kusonyeza kuti eni chiyankhulo amachikana.

Tsono tiyerekeze kuti lero munthu wina watumiza nkhani ku magazini ya kafukufuku wa ziyankhulo, yonena kuti onsewa analakwitsa. Malipoti a ounika ndi achinsinsi, choncho nkhani ndi lipoti zimene ndikufotokoze pano ndi zongoyerekeza, koma zolakwika zake ndi zimene zimapezeka kawirikawiri pa ntchito imeneyi. Wolemba wathuyu akuti Chichewa n'chimodzimodzi ndi Chichaga. Nkhani yake ndi ya masamba 35, yodzaza ndi zojambula za nthambi zimene akatswiri amasonyezera mmene mawu amasanjikizirana m'chiganizo. Umboni wake ndi ziganizo zisanu ndi zinayi, ndipo m'munsi mwa tsamba loyamba akuthokoza "mwini chiyankhulo mmodzi" amene anamuthandiza.

Nkhani yotere ikafika, mkonzi saiweruza yekha. Amachotsa dzina la wolemba n'kuitumiza kwa akatswiri awiri kapena atatu, amenenso mayina awo wolembayo sadzawadziwa. Ounikawa nthawi zambiri salandira kalikonse, amagwira ntchitoyi usiku kapena Loweruka pamwamba pa kuphunzitsa ndi kuchonga mayeso. Aliyense amalemba lipoti la masamba angapo n'kulangiza mkonzi chimodzi mwa zinayi: ilandireni mmene ilili, ikonzedwe pang'ono, ikonzedwe kwambiri n'kutumizidwanso, kapena ikanidwe. Wogamula ndi mkonzi, koma mkonzi amadalira kwambiri zimene ounika alemba.

Lipoti labwino limayamba ndi kubwereza mwachidule zimene nkhaniyo ikunena, m'mawu a wounika mwiniwake. Si mwambo chabe. Wolemba akawerenga ndimeyi n'kuona kuti wamvedwa molakwika, amadziwa kuti mwina sanafotokoze bwino, ndipo mkonzi amadziwa kukula kwa chikhulupiriro chimene angaike pa zotsatirazo. Wounika wathu akulemba kuti: "Wolemba akunena kuti m'Chichewa wochitiridwa ndi chinthu chochitidwa angathe onse kukhala mwininkhani wa chiganizo cha msintho wochitidwa. Pofotokoza zimenezi akuika malo atsopano, osaoneka ndi maso, pamwamba pa wochitiridwa, amene chinthu chochitidwa chimadumphirapo chisanakwere kukakhala mwininkhani."

Mfundo ya malo osaonekayi isatiwopseze. Akatswiri ambiri amaganiza kuti pamene chiganizo chikufuna mwininkhani, chimatenga dzina limene lili pafupi kwambiri, monga mmene kuchigayo amayambira kugaya chimanga cha amene ali kutsogolo kwa mzere. Mu "anaphikira ana nsima", ana ndiwo ali kutsogolo, n'chifukwa chake iwo ndi amene amakwezedwa. Wolemba wathu akuti pali njira yoti nsima ilumphe mzere. Ganizo lotere si lamisala, ena analiperekapo kale pofotokoza ziyankhulo zina za Chibantu. Funso la wounika si lakuti ganizolo ndi lanzeru kapena ayi. Funso lake n'lakuti kodi m'Chichewa muli chinthu chimene chikufunika kufotokozedwa motero.

Apa ndi pamene lipoti laulesi ndi lipoti lothandiza amasiyanirana. Laulesi limangoti "umboni ndi wochepa, wolemba aonjezere", basi. Mawu amenewo ndi oona koma sathandiza aliyense, chifukwa wolemba angathe kungobweretsa ziganizo zina 40 zolakwika mofanana ndi zoyambazo. Wounika wathu akutenga ziganizo zisanu ndi zinayi zija chimodzichimodzi.

Zinayi mwa izo ndi zonga "Nsima inaphikiridwa pa mbaula" ndi "Zovala zinachapiridwa kumtsinje". Ziganizozi ndi zabwinobwino, Mchewa aliyense angazinene. Vuto n'lakuti sizikukhudza mkangano umene ulipo. Mphatikiri -ir- ali ndi ntchito zingapo: amasonyeza wochitiridwa (kuphikira ana), chipangizo (kudulira mpeni), malo (kuphikira pa mbaula), ndiponso chifukwa (kulirira ndalama). Alsina ndi Mchombo anasonyeza kale kuti ntchito zimenezi sizitsata malamulo amodzi, ndipo palibe amene anakanapo kuti pa -ir- wa malo chinthu chochitidwa chimatha kukhala mwininkhani. Mfundo imene wolemba akufuna kugwetsa ndi ya wochitiridwa yekha. Choncho ziganizo zinayi zachoka pa mndandanda, osati chifukwa n'zabodza, koma chifukwa zikuyankha funso limene palibe analifunsa.

Ziwiri zina wolemba anazitenga m'nkhani ya munthu wina. Wounika wakhama amapita kukatsegula nkhani yoyambirirayo, ndipo wathuyu wapeza kuti kumeneko ziganizozo zinali ndi mfunsiro ziwiri (??) kumayambiriro, chizindikiro chakuti eni chiyankhulo anazilandira monyinyirika kwambiri. M'nkhani yatsopanoyi zizindikirozo zasowa. Kawirikawiri zimenezi sizichitika mwachinyengo, kumangokhala kukopera mothamanga. Koma chiganizo chikangotuluka m'magazini chopanda chizindikiro chake, olemba ena amachikopera kuchokera pamenepo, ndipo pakapita zaka khumi aliyense amachitchula ngati choonadi chodziwika kale.

Zatsala zitatu, ndipo zonse ndi za mtundu wa "Nsima inaphikiridwa ana": nsima ndi ana, nsapato ndi agogo, madzi ndi alendo. Izi zokha ndizo umboni weniweni wa wolemba, ndipo wounika akukhalapo nthawi yaitali.

Choyamba akuona kuti m'ziganizo zonse zitatu dzina limodzi ndi la munthu, linalo ndi la chinthu. Zikatero womvera sangasokonezeke, chifukwa palibe amene amaphikira nsima chakudya. Ngakhale mawu asanjidwe mokhota, mutu wa womvera umawongola wokha n'kupeza tanthauzo, ndipo munthu waulemu akafunsidwa amati "chikumveka". Koma kumveka ndi kwina, kukhala Chichewa chimene anthu amayankhula ndi kwinanso. Mlendo amene wangophunzira chiyankhulo chathu akati "ine kufuna madzi" timamumva ndithu. Njira yochotsera chisokonezochi ndi kuyesa chiganizo chimene mayina onse awiri ndi a anthu. Tengani "Malume anapezera mnyamata mkazi." Mukati "Mnyamata anapezeredwa mkazi", tanthauzo silinasinthe. Mukati "Mkazi anapezeredwa mnyamata", nkhani yatembenuka: tsopano wothandizidwa ndi mkaziyo, ndipo wopezedwa ndi mnyamata. Ngati mfundo ya wolemba ndi yoona, chiganizo chomalizachi chiyenera kuthanso kutanthauza kuti mkazi ndiye anapezedwa kuti akwatiwe ndi mnyamatayo. Wounika akupempha kuti wolemba afunse anthu funso limeneli mwachindunji: "M'chiganizochi, ndani akufuniridwa banja?"

Chachiwiri, pali -ir- wa chifukwa uja. Munthu amene wavomereza "Nsima inaphikiridwa ana" mwina m'mutu mwake akumva kuti nsimayo inaphikidwa chifukwa cha ana, mwina kuti asalire, osati kuti anawo ndiwo olandira. Matanthauzo awiriwa ndi oyandikana kwambiri moti wofunsa amene sanakonze kankhani kozungulira chiganizocho sangadziwe limene mboni yake inali kuliganizira. N'chifukwa chake lipoti likufunsa kuti mafunso anafunsidwa bwanji. Kodi mboniyo inapatsidwa chiganizo cha Chingelezi n'kuuzidwa kuti imasulire? Ngati ndi choncho, kasanjidwe ka Chingelezi kamatha kulowerera m'yankho. Kodi inawerenga pa foni kapena inamva ndi khutu? Chichewa cholembedwa sichisonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu, ngakhalenso kapumidwe kakang'ono kamene kamatha kusandutsa chiganizo chokhota kukhala chabwino. Kodi inafunsidwa ziganizo zofanana makumi angapo motsatizana? Munthu akamva chiganizo chokhota kambirimbiri, khutu limayamba kuchizolowera.

Chachitatu ndi chimene ineyo ndimachiona kuti n'cholemera kuposa zonse. Mfundo yatsopano ya kapangidwe ka ziganizo imalosera zinthu zina kupatula zimene inapangidwira. Ngati apamtherankhani awiriwa alidi ofanana mphamvu, kufananako kuyenera kuonekeranso pa kamphatikiri kolowa m'malo mwa dzina kamene timaika mkati mwa mneni. "Mayi anawaphikira nsima", pomwe -wa- akuimira ana, ndi chiganizo chosakayikitsa. Nanga "Mayi anaiphikira ana", pomwe -i- akuimira nsima? Mabuku a akatswiri amachikana chiganizo chotere, pamene m'Chichaga chofanana nacho chimaloledwa. Wolemba wathu sanayese n'komwe zimenezi. Wounika akulemba kuti: "Ngati malo atsopanowa amalola chinthu chochitidwa kulumpha wochitiridwa, n'chifukwa chiyani sachilola kuoneka mkati mwa mneni? Wolemba ayenera kusonyeza kuti chimaoneka, kapena afotokoze chimene chikuletsa. Pakali pano malowa akupezeka pokhapo pamene wolemba akuwafuna, ndipo sindikuona chiganizo chilichonse chimene mfundoyi ikuchiletsa." Mfundo imene siletsa kanthu singatsutsidwe ndi umboni uliwonse, ndipo chifukwa cha chimenecho siiphunzitsanso kanthu.

Wina angaganize kuti tchimo lonse la wolembayu ndi kudalira munthu mmodzi. Nkhaniyi si yophweka choncho. Buku la malamulo a Chichewa limene Mark Hanna Watkins anafalitsa mu 1937 linachokera kwa mboni imodzi, wophunzira wa ku Kasungu amene anali pa yunivesite ya Chicago, Kamuzu Banda, ndipo akatswiri amalitsegulabe mpaka lero. Ntchito yaikulu ya kafukufuku wa ziganizo padziko lonse yachitika ndi anthu ochepa, nthawi zina wolemba yekha kudzifunsa mumtima. Anthu ena atadandaula kuti njirayi ndi yosadalirika, Jon Sprouse, Carson Schütze ndi Diogo Almeida anatenga zitsanzo za Chingelezi mwachisawawa kuchokera m'magazini ya Linguistic Inquiry ya zaka za 2001 mpaka 2010, n'kuziyesa pa anthu mazanamazana. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2013, zinasonyeza kuti pafupifupi 95 pa 100 zilizonse zinagwirizana ndi zimene olemba ananena.

Koma zimenezo zinali za Chingelezi. Chiganizo cha Chingelezi chisanasindikizidwe chimadutsa m'makutu a anthu ambiri oyankhula chiyankhulocho: omvera pa msonkhano, ounika, mkonzi, ophunzira. Chokayikitsa chimagwidwa panjira. Tal Linzen ndi Yohei Oseki anayesa zofananazo pa Chihebri ndi Chijapanizi, posankha dala zitsanzo zofalitsidwa zimene iwo, monga eni ziyankhulozo, anazikayikira. M'nkhani yawo ya mu 2018 m'magazini ya Glossa anapeza kuti theka la zitsanzo za Chihebri ndi gawo limodzi mwa atatu la za Chijapanizi sizinatsimikizike. Ziwerengerozi sizikunena za kafukufuku yense wa ziyankhulo ziwirizo, popeza zitsanzozo zinali zosankhidwa chifukwa chokayikitsa kale, koma zikusonyeza kuti zokayikitsa zinadutsa ounika n'kusindikizidwa. Ngati zili choncho pa Chijapanizi, chimene chili ndi akatswiri ambirimbiri, nanga Chichewa? N'zotheka kwambiri kuti pa ounika atatu a nkhani ya Chichewa palibe ngakhale mmodzi amene angagule tomato pamsika wa Lizulu popanda womasulira.

Choncho mboni imodzi imakwana pamene kusiyana kwa ziganizo kuli koonekeratu, ngati kwa "ana anadya" ndi "ana chinadya". Sikwana pamene anthu akuyankha kuti "chikumveka, koma", ndipo sikwana n'komwe pamene wolemba akufuna kugwetsa zimene ena, kuphatikizapo eni chiyankhulo, anapeza kale. Wonena zachilendo ndiye ayenera kubweretsa umboni wochuluka.

Chimene wounika akupempha si chodula. Akufuna ziganizo ziwiriziwiri zosiyana pa chinthu chimodzi chokha, zopangidwa ndi aneni osiyanasiyana monga kuphika, kugula, kupeza, kulemba ndi kusankha, kuti zisadzapezeke kuti vuto linali la mneni mmodzi. Chilichonse chikhale ndi kankhani kake kakafupi kosonyeza tanthauzo lofunidwa. Pakati pake pasakanizidwe ziganizo zina zabwino kwambiri ndi zina zoipitsitsa, kuti tidziwe ngati mboni ikungovomereza chilichonse pofuna kusangalatsa mlendo. Anthu ofunsidwa safunika kufika mazana. Ngati anthu asanu ndi awiri, aliyense payekha, asankha mbali imene wolemba analosera pa ziganizo ziwiri, mwayi woti zimenezo zangochitika mwangozi ndi umodzi pa 128. Koma akagawanika, anayi uku atatu uko, ndiye kuti nkhaniyo iyenera kunena zimenezo poyera, osati kusankha okhawo amene agwirizana ndi wolemba. Lipoti likulangizanso kufufuza m'zolembedwa: Buku Lopatulika, nyuzipepala za m'Chichewa, mabuku a nthano. Chiganizo chimodzi chopezeka m'nyuzipepala, cholembedwa ndi munthu amene sanali kuganiza za mkanganowu, chimalemera kuposa ziganizo khumi zopangidwa mu ofesi. Malire ake ndi akuti kusapezeka kwa chiganizo m'zolembedwa sikutsimikiza kuti n'choletsedwa, mwina changokhala chosowa.

Pali funso lina limene limaoneka laling'ono: mboniyo ndi ya kuti? Nkhani ija ikungoti "mwini chiyankhulo". Koma mayankhulidwe a ku Kasungu si a ku Chikwawa, ndipo Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka, chimene chimakhala limodzi ndi Chibemba ndi Chinsenga tsiku ndi tsiku, si cha ku Dedza kapena ku Angonia. Munthu amene anakula akuyankhula Chitumbuka kapena Chiyao kunyumba, kapena amene wakhala kunja zaka zambiri, angathe kumva ziganizo mosiyana ndi ena, ndipo sakunama ayi. N'kutheka kuti mboni ya wolemba wathu imanenadi "Nsima inaphikiridwa ana" tsiku lililonse, pamodzi ndi anthu a kwawo. Zitakhala choncho, wolembayo wapeza chinthu chenicheni, kungoti wachipatsa dzina lalikulu kuposa msinkhu wake. M'malo molengeza kuti "Chichewa chili chotere", akanati "m'dera lakutilakuti, kapena pakati pa achinyamata a m'tauni, lamuloli likuoneka kuti likusintha". Nkhani yotereyi ndi yaing'ono, koma ingasangalatse akatswiri kuposa yoyamba ija.

Chenjezo lomweli limagweranso wounika. Ngati iyeyo ndi Mchewa, n'kosavuta kulemba kuti "kwathu sitinena choncho" n'kutseka nkhani. Koma khutu lake nalonso ndi mboni imodzi basi. Wounika woona mtima amalemba kuti iye chiganizocho sakuchilandira, amatchula dera la kwawo, n'kunena kuti kusiyana kwake ndi mboni ya wolemba n'chifukwa chofufuzira mozama, osati chigamulo. Palinso ounika amene amakana nkhani chifukwa ikutsata gulu la akatswiri losiyana ndi lawo, kapena amene amadzaza lipoti ndi mayina a nkhani zawo zomwe kuti wolemba azitchule. Mkonzi wozindikira amaziona zimenezi, n'chifukwa chake safunsa munthu mmodzi.

Pomaliza lipoti, wounika amayenera kusankha pakati pa kukana ndi kulola kuti nkhani ikonzedwe kwambiri. Chimene ambiri amayang'ana n'chakuti kodi vutolo lingathe ndi ntchito ya miyezi yochepa, ndiponso ngati pangatsale kanthu kofalitsika umboni watsopano ukatsutsa wolemba. Wathuyu akulangiza kuti nkhaniyo ikonzedwe kwambiri n'kutumizidwanso. Akunena mosabisa kuti mmene ilili singasindikizidwe, popeza pa ziganizo zisanu ndi zinayi zitatu zokha ndizo zikukhudza mfundo yake, ndipo zitatuzo zingathe kufotokozedwa mwanjira zina ziwiri popanda malo atsopano aja. Akutchulanso chabwino chimene waona, chakuti wolembayo wadzutsa funso limene anthu analisiya ngati lotha kale. M'gawo limene amawerenga mkonzi yekha akuwonjezera pempho lakuti nkhaniyo ikadzabweranso, mmodzi mwa ounika akhale woyankhula Chichewa wochokera dera lina.

Wolemba akalandira malipoti, kawirikawiri patadutsa miyezi ingapo chitumizireni nkhani yake, amayembekezeka kubweza nkhani yokonzedwa pamodzi ndi kalata yoyankha mfundo iliyonse payokha: apa ndakonza, onani tsamba lakuti, apa sindikugwirizana nanu, chifukwa chake ndi ichi. Ali ndi ufulu wokana zina, bola apereke zifukwa. Mkonzi nthawi zambiri amaitumizanso kwa ounika omwe aja. Ngati anthu ofunsidwa anena kuti mu "Mkazi anapezeredwa mnyamata" wofuniridwa banja ndi mkaziyo basi, masamba a zojambula za nthambi aja amachotsedwa, ndipo chotsala chimakhala kankhani kakafupi konena za mmene mayina a anthu ndi a zinthu amasokonezera mayankho a mboni. Ngati anthu a dera lina avomereza matanthauzo onse awiri, ounika amayamba kuwerenga mfundo ya malo osaoneka ija mwachidwi, ndipo ulendo wachiwiriwu mafunso awo amakhala pa zojambulazo.